Lipoti la wodwala: mnyamata wa zaka 23 amene anayambanso kuyenda atathyoka fupa la msana la T12

Wodwalayu ndi mnyamata wa zaka 23, wothandizira mmisiri wokhoma madenga. Anagwa kuchokera padenga lalitali pafupifupi mamita 4 n'kufikira pansi ndi matako. Sanakomoke, koma anamva ululu waukulu chakumunsi kwa msana, ndipo atati adzuke miyendo inakana. Anzake anamunyamula, wina m'khwapa wina m'miyendo, n'kumukhazika pampando wa galimoto mpaka kuchipatala cha boma la kwawo. Kanyamulidwe kotere kamapinda msana pamalo enieni pamene pathyoka. Munthu wotere amayenera kugonekedwa chagada pachitseko kapena pathabwa, thupi lonse litawongoka. Palibe amene angatsimikize kuchuluka kwa zimene zinawonongeka panjira, koma tinazilemba m'mbiri yake.

Anafika kuchipatala chachikulu pa tsiku la 3. Kalata imene anabwera nayo inkati miyendo yonse iwiri siikugwira ntchito ndiponso sakumva kanthu kuyambira m'chiuno kutsika. Zithunzi zinaonetsa kuti fupa la T12, la msana pamene pamalumikizana nthiti yomaliza, laphwanyika ndipo chidutswa china chalowa mu ngalande imene mumadutsa mtsempha waukulu wa msana. Mkodzo unali utatsekeka, motero anali atamuika kale kachubu kokhalitsa. Mayi ake, amene anali gadiyani, anali atamva kale kwa anzawo a muwodi kuti mwana wawoyo basi, sadzayendanso.

Zimene tinapeza pa tsiku la 4

Kuyeza kwa tsiku loyamba sikudalirika kwenikweni. Mtsempha wa msana ukangovulala umachita ngati wazima kwa kanthawi, minofu yonse ya m'munsi imalefuka, ndipo ululu ndi mantha zimamulepheretsa munthu kuyankha bwino. N'chifukwa chake timayezanso pakatha maola 72, motsatira muyeso wa AIS umene umaika ovulala mtsempha wa msana m'magulu kuyambira A, pamene uthenga sudutsa mpaka kumapeto kwa mtsemphawo, mpaka E, pamene kumva ndi mphamvu zili bwinobwino.

Tinayamba ndi khungu, pogwiritsa ntchito thonje ndi phini. Pamchombo, dera limene limamva kudzera m'minyewa ya msana ya T10, ankamva bwinobwino. M'mphechepeche, dera la T12, ankamvanso. Kutsika pamenepo kumva kunali kwa apo ndi apo. Thonje ankalimva mofooka mkati mwa bondo lakumanja ndi kunja kwa chidendene chakumanja, pamene kumanzere ankalimva pantchafu pokha. Mphamvu ya minofu timaiyeza kuyambira 0 mpaka 5. Pa 1 mnofu umangogwedera osasuntha chiwalo, pa 2 umasuntha chiwalo pokhapokha chitagona cham'mbali, pa 3 umachinyamula m'mwamba, ndipo pa 5 ndiye mphamvu zonse. Kumanja, mnofu wokweza ntchafu unali pa 2, wowongola bondo pa 2, wokweza phazi pa 0, wokweza chala chachikulu pa 1, wopondera pansi pa 1. Kumanzere, wokweza ntchafu ndi wowongola bondo inali pa 1, ina yonse pa 0.

Chimene chinasintha nkhani yonse ndi kuyeza kumalo otulukira chimbudzi. Minyewa ya kumeneko, S4 ndi S5, ndi imene ili kumapeto kwenikweni kwa mtsempha wa msana. Ngati uthenga ukuchoka kumeneko n'kufika ku ubongo, ndiye kuti mtsemphawo sunadukiretu pamalo ovulalawo. Mnyamatayu sankatha kufinya chala cha woyeza, koma ankamva chala chikakanikiza mkati, ndipo kumanja ankasiyanitsa nsonga ya phini ndi mutu wake. Popeza analinso ndi kagwedero ka chala chachikulu, kutali ndithu pansi pa malo ovulala, tinamuika m'gulu C, la amene minofu ina ya m'munsi ikugwira koma yambiri ili yofooka, osati A.

Kuyeza kumeneku kumadumphidwa kawirikawiri. Woyeza amachita manyazi, wodi imakhala yodzaza, chotchingira palibe, ndipo wodwala wamwamuna wachinyamata safuna n'komwe kumva za izo. Koma popanda kuyeza kumeneku gulu limene talemba ndi longoganizira. Chofunika ndi kumufotokozera chifukwa chake, kupempha chilolezo, kutulutsa gadiyani ngati wodwala akufuna, kutchinga ndi nsalu, n'kumutembenuza anthu atatu thupi lonse pamodzi kuti msana usapotoke. Zonsezi sizitenga mphindi 5.

Titamaliza anafunsa kuti, "Adokotala, ndiye kuti ndidzayenda?" Tinamuyankha kuti mtsempha sunadukiretu, kuti msinkhu wake, kumva phini, komanso kugwedera kwa mnofu wa bondo ndi wa katumba ndi zizindikiro zabwino, koma kuti tidzayankha bwino tikaona mmene bondo lidzakhalire pakatha miyezi 2. Sitinalonjeze. Sitinamuuzenso kuti aiwale zoyenda.

Masabata a pabedi

Madokotala a mafupa anamuchita opaleshoni pa tsiku la 8, kuchotsa chimene chinkapanikiza mtsempha ndi kumanga msana ndi zitsulo kuyambira pamwamba mpaka pansi pa fupa lothyokalo. Analamula kuti azivala chomangira msana kwa masabata 12 nthawi iliyonse imene wadzuka, ndipo asapinde kapena kupotoza msana.

M'masabata amenewa ntchito yathu yaikulu inali kusunga thupi kuti mphamvu zikadzabwerera zidzapeze miyendo yoti n'kuimirira. Phazi lopanda mphamvu limagwera pansi, bulangete limalikanikizanso, ndipo pakangopita masabata ochepa mtsempha wa kuchidendene umafupika moti chidendene sichifikanso pansi. Tinamuumbira zikhakha zatheka zogwira phazi moimirira, zofunda thonje mkati ndipo zobowoka pachidendene, zoti azivala maola 2 n'kuvula kuti khungu lionedwe. Mayi ake tinawaphunzitsa kupinda ndi kuwongola mfundo iliyonse ya mwendo kawiri patsiku, ndi kukankhira phazi m'mwamba n'kuligwira choncho kwa masekondi 30, bondo lili chiwongokere. Tinawachenjeza kuti asakakamize ntchafu mwamphamvu, chifukwa iye sangamve ngati apyola malire.

Kumutembenuza kunali kwa maola 2 aliwonse, usiku womwe, pilo ali pakati pa mawondo ndipo wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Pa sabata ya 3 tinapeza pafupa la kumunsi kwa msana pasintha mtundu. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho timayang'ana malo amene aderapo kuposa pozungulira, otentha, kapena olimba ukawakhudza. Titafufuza, tinapeza kuti masana mutu wa bedi unkakwezedwa kwambiri kuti azicheza ndi odzamuona, ndiye thupi linkatsetsereka n'kumakoka khungu. Tinatsitsa bedi kuti lisapitirire madigiri 30 kupatula pa nthawi ya chakudya, tinaletsa kugona chagada, ndipo tinaletsanso kutikita malowo, zimene achibale ambiri amachita pofuna kuthandiza koma zimawonjezera kuwonongeka. Khungu silinatseguke ndipo linabwerera pasanathe masabata 2. Likanatseguka, kukhala pampando kukanaimitsidwa mwina kwa miyezi, pa nthawi yeniyeni imene minyewa imachira mofulumira.

Kachubu kokhalitsa tinakachotsa pa sabata ya 4, n'kumuphunzitsa kudzilowetsa yekha kachubu ka saizi 14 maola 4 mpaka 6 aliwonse, atasamba m'manja ndi sopo, ndipo mkodzo wa ulendo umodzi usapitirire mamililita 500. Chimbudzi tinachiikira nthawi yake, m'mawa uliwonse pakatha mphindi 20 mpaka 30 atamwa phala lotentha.

Kukhala tsonga kunayamba ndi vuto limene tinkaliyembekezera. Atagona, kuthamanga kwa magazi kunali 118/74, koma titamukhazika m'mphepete mwa bedi kunatsika kufika 88/56, iye n'kunena kuti m'maso mwada. Minofu ya miyendo ikapanda kugwira ntchito magazi amadikha m'munsi. Tinamugoneka n'kukweza miyendo, ndipo kuyambira tsiku lotsatira tinkamukulunga mabandeji kuchokera kuzala mpaka m'ntchafu asanadzuke, kumupatsa madzi kaye, n'kumadzutsa pang'onopang'ono. Pakutha sabata ankakhala mphindi 30 popanda chizungulire.

Bondo, ndi chisankho cha nthawi yoimirira

Pa sabata ya 8 mnofu wowongola bondo lakumanja unafika pa 3, wakumanzere pa 2. Ichi ndi chizindikiro chimene tinkadikira. Kwa ovulala amene mtsempha sunadukiretu, bondo limodzi likafika pa 3 mkati mwa miyezi 2, mwayi woyenda umakhala waukulu. Apa ndi pamene tinamuuza kuti cholinga chathu tsopano ndi kuyenda ndi zothandizira, ndipo anasamutsidwira kumalo ophunzitsirako olumala kuyambanso moyo wa tsiku ndi tsiku. M'Malawi malo otere ndi ochepa kwambiri, odziwika bwino ndi a Kachere ku Blantyre, motero odwala ambiri gawo limeneli amalichitira kuchipatala cha boma kapena kunyumba.

Panali maganizo awiri. Ena ankati tidikire bondo lakumanzere lifike pa 3 kuti asazolowere kuyenda molakwika. Ena ankati aimirire tsopano bondo lofookalo litamangidwa. Tinasankha kuimirira, chifukwa kuponda pansi kumatambasula katumba kuposa mmene manja a munthu angachitire, kumathandiza m'mimba, ndipo kumapatsa mwendo wakumanja ntchito yeniyeni yonyamula thupi. Koma tinalekanitsa zinthu ziwiri. Poimirira m'zitsulo ziwiri zogwirira, mwendo wakumanzere unkamangidwa chikhakha chakumbuyo kuchokera m'ntchafu mpaka pakakolo, kuyambira mphindi 5 mpaka kufika 30. Pa mphasa chikhakhacho chinkachotsedwa kuti mnofu ugwire wokha ntchito. Ankagona cham'mbali n'kumawongola bondo mwendo ukutsetsereka pathabwa lothiridwa paudala, kenako chagada, thaulo lopindidwa lili pansi pa bondo, kukweza chidendene. Ankachita maulendo 10 katatu, ndipo akatha kufika 15 popanda kunjenjemera tinkamangirira kathumba ka mchenga ka theka la kilogalamu pakakolo.

Mnofu wa pa 2 kapena 3 umatopa msanga. Chizindikiro chakuti tapyola ndi chakuti tsiku lotsatira mphamvu yatsika m'malo mokwera. Zinachitika kamodzi pa sabata ya 10, titapeza kuti usiku ankabwereza yekha mafizo onse pofuna kufulumira. Tinamupumitsa masiku 2, n'kugwirizana naye zochita madzulo zimene sizitopetsa bondo, monga kulimbitsa manja ndi mapewa amene adzanyamule ndodo.

Pa mwezi wa 4 kumanja ntchafu inali pa 4, bondo pa 4, wokweza phazi pa 3, chala pa 2, katumba pa 3. Kumanzere ntchafu pa 3, bondo pa 3, wokweza phazi pa 1, chala pa 1, katumba pa 2. Minofu 6 mwa 10 inali pa 3 kapena kuposa, choncho analowa m'gulu D, limene limafuna kuti theka la minofuyo kapena kuposa likhale litafika pamenepo. Komabe atayamba kuponya mapazi m'zitsulo, mayendedwe ake sanafanane ndi manambalawo. Akaponda ndi mwendo wakumanzere chiuno chinkagwera kumanja, thupi n'kuweramira kutsogolo, ndipo bondo lakumanzere linkaphwatukira kumbuyo.

Apa pali chinthu chimene muyeso wa AIS suonetsa. Minofu isanu imene timayeza pa mwendo uliwonse siphatikizapo minofu ya m'matako, imene imawongola chiuno ndi kuchigwira kuti chisapendekeke. Minofu imeneyi imalandira uthenga makamaka kuchokera ku minyewa ya kumunsi kwa msana ya L5 ndi S1, madera omwe mwa iyeyu anali ofooka kwambiri. Titaiyeza payokha, yakumanja inali pa 3, yakumanzere pa 2. Munthu akhoza kukhala m'gulu D koma osatha kuyenda bwino chifukwa cha matako okha. Tinasintha ndondomeko n'kuika theka la nthawi ya mafizo pa chiuno: kukweza matako atagona chagada mawondo atapinda, kutambasulira mwendo kumbali, kugwada chowongoka atagwira benchi n'kumasamutsa thupi uku ndi uku, ndiponso kudzuka pampando wautali umene tinkautsitsa pang'onopang'ono.

Bondo lophwatukira kumbuyo silinali loti n'kulilekerera. Wodwala amalikonda chifukwa limamupatsa chidaliro chakuti sagwa, koma pakapita miyezi mitsempha ya kumbuyo kwa bondo imatanuka, ululu umayamba, ndipo kubweza kumavuta. Zifukwa zake zinali ziwiri: mnofu wa bondo unali usanakhwime, ndipo phazi logwa linkafikira pansi ndi zala n'kukankhira mwendo kumbuyo. Tinakambirana zomupangira chitsulo chachitali chomanga bondo ndi phazi pamodzi, koma tinachikana. Bondo la pa 3 limene likukwerabe likatsekeredwa limasiya kugwira ntchito poyenda, ndipo chitsulo chotere n'cholemera, ambiri amakachisiya pakona akafika kwawo. Tinasankha chogwirira phazi chapulasitiki chofika pansi pa bondo, chopendekera kutsogolo pang'ono, ndi kachidutswa kokweza chidendene ka sentimita 1 mu nsapato. Bondo linasiya kuphwatuka. Tinayesanso kukweza kuposa pamenepo, koma bondo linayamba kugwadira kutsogolo, ndiye tinabwerera pa sentimita 1.

Kumapeto kwa mwezi wa 4 anayenda mamita 10 ndi choyendera cha miyendo inayi m'masekondi 48, munthu mmodzi atamugwira lamba wa m'chiuno.

Kubwerera m'mbuyo pa mwezi wa 5

Miyendo yake inali ndi kukungika pang'ono kuyambira mwezi wa 2, ndipo sitinapereke mankhwala, chifukwa kukungika kwa mwendo wakumanzere kunkamuthandiza kuimirira. Koma pa mwezi wa 5, m'masiku 2 okha, miyendo inayamba kudumpha usiku, phazi likangoponda pansi n'kumanjenjemera osaleka, ndipo analephera ngakhale mamita 5. Iye anaganiza kuti zitsulo za kumsana zasuntha, ndipo anakana kudzuka.

Kukungika kukawonjezeka mwadzidzidzi, choyamba si kulemba mankhwala ofewetsa minofu. Kawirikawiri ndi thupi likunena kuti pansi pa malo ovulala pali chimene chikupweteka, chimene munthuyo sakuchimva monga ululu. Tinayamba tayeza mphamvu ya minofu ndi kumva kwa khungu, ndipo sizinatsike, msananso sunkapweteka, zimene zinachepetsa nkhawa ya zitsulo. Kenako tinafufuza chikhodzodzo, m'mimba, khungu, zikhadabo za kumapazi ndi akatumba. Akatumba sanali otupa kapena osiyana kukula. Mkodzo unali wambuu ndi wonunkha, unkadontha pakati pa nthawi zolowetsa kachubu, ndipo thupi linali pa madigiri 38.2. Malungo anayezedwa, sanapezeke. Titavula chogwirira phazi tinapezanso thuza pafupa la kunja kwa kakolo. Anali atayamba kuchivala popanda sokosi chifukwa cha kutentha, ndipo ankamwa madzi ochepa kuti asamavutike ndi kachubu pa nthawi ya mafizo.

Mkodzo unatumizidwa kukapimidwa, anapatsidwa mankhwala opha tizilombo, ndipo madzi akumwa anabwerera pa malita pafupifupi 2 patsiku, ochuluka m'mawa ndi masana, ochepa madzulo. Chogwirira phazi chinatenthedwa n'kufutukulidwa pamalo pamene pankakhula, ndipo sanachivale mpaka thuza litapola, masiku 12. M'masiku amenewo anapitiriza mafizo a pamphasa ndi kuimirira. Kukungika kunabwerera mwakale pasanathe sabata, popanda bakulofeni, mankhwala ofewetsa minofu aja. Tikanathamangira mankhwalawo, matenda a m'chikhodzodzo akanapitirira mobisika mwina mpaka ku impso, ndipo mwendo wakumanzere ukanafewa n'kutaya kulimba kumene ankakudalira. Kuyambira pamenepo lamulo linali lakuti akavula chogwirira phazi aziyang'ana khungu ndi kagalasi, ndipo chizindikiro chimene sichinachoke pakatha mphindi 20 mpaka 30 azibwera nacho kwa ife.

Kupita kwawo ndi zotsatira

Anatuluka pa mwezi wa 6 akuyenda ndi ndodo ziwiri zogwira m'mikono, mamita 10 m'masekondi 26. Masabata omaliza tinawathera panja, chifukwa simenti ya m'chipinda cha mafizo sifanana ndi bwalo la kumudzi. Anaphunzira kuyenda pamchenga, pamtsetse, kukwera khonde, ndiponso kugwa ndi kudzuka yekha: kutaya ndodo kumbali, kufikira pamanja, kukwawira pa chinthu cholimba n'kudzuka ndi mwendo wakumanja.

Achibale anaika mopingasa mitengo iwiri ya bulugamu yotalika mamita 3 kuseri kwa nyumba, yoti azigwira poyeserera kuyenda, kutalika kwake kuchokera pansi kofanana ndi pamene pamafika mfundo ya dzanja lake akaimirira manja ali pansi. Kuchimbudzi, popeza sangathe kunjuta, anaika mpando wobowola pakati ndi mtengo wogwira. Tinatsindika za moto, chifukwa phazi lakumanzere silimva kutentha bwino: asaothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, madzi osamba aziwayesa ndi dzanja, ndipo asayende chosavala nsapato.

Tinamupatsanso njinga ya olumala, ndipo poyamba anaikana. Kwa iye ndi kwa bambo ake aang'ono, amene anabwera kudzamutenga, njingayo inkaoneka ngati kuvomereza kuti zalephereka. Tinawawerengera poyera. Pa liwiro limene anali nalo, kilomita imodzi ikanamutengera mphindi zoposa 40 popanda kupuma, ndipo pa nthawiyo m'mphindi 6 ankangotha mamita 110. Msika ndi chipatala chaching'ono cha kwawo zili kutali kuposa pamenepo. Wopanda njinga akanangokhala pakhomo, kapena akanadzikakamiza mpaka mapewa ndi bondo zitawonongeka. Anavomera kuti kuyenda kukhale kwa pakhomo ndi pafupi, njinga ya maulendo aatali.

Pa mwezi wa 9 anayamba kukodza yekha. Tinkayeza wotsalira polowetsa kachubu atangomaliza, ndipo utakhala pansi pa mamililita 100 kangapo motsatizana, kachubu kanatsala ka usiku pogona pokha. Chimbudzi chimafunabe nthawi yake ya m'mawa. Anafunsanso za mphamvu ya m'banja, nkhani imene achinyamata ambiri amaisunga mumtima ngati ife sitiiyamba, ndipo anatumizidwa kwa dokotala kuti akambirane payekha.

Patatha chaka, bondo lakumanja linali pa 5, lakumanzere pa 4, matako akumanzere pa 3, koma mnofu wokweza phazi lakumanzere unaima pa 2 kuyambira mwezi wa 8. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi 6 mpaka 9 yoyambirira, choncho tinamuuza kuti chogwirira phazi chikhala naye, ndipo chidzafunika kusinthidwa chikatha kapena mwendo ukasintha kukula. Amayenda mamita 10 m'masekondi 14 ndi ndodo imodzi ya dzanja lamanja, ndipo m'mphindi 6 amatha mamita 210. Mkati mwa nyumba amayenda popanda ndodo. Mumdima ndi pamatope amagwiritsabe ntchito ndodo ziwiri, chifukwa phazi lakumanzere silimuuza bwino pamene laponda ndipo amadalira maso. Padenga sadzakweranso. Panopa amagwira ntchito ya ukalipentala wa pansi, wa mipando ndi mafelemu a zitseko, atakhala pa sitului yaitali, ndipo amabwera miyezi 6 iliyonse kuti tione khungu, bondo lakumanzere, chogwirira phazi ndi mmene impso zikugwirira ntchito.